Njinga yonyamula masipeya kuchokera ku Msasa: chifukwa chake tinasankha ya 150

Nkhani iyi ndi ya mnyamata wa ku Mabvuku, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, amene anagwirizana ndi masitolo atatu a masipeya a galimoto, awiri ku Msasa ndi imodzi ku Graniteside, kuti aziwaperekera katundu ku magalaja. Makaniko wa ku Chitungwiza akaimba foni kuti akufuna pampu ya madzi kapena batire, sitolo imamuitana mnyamatayu, iye n'kuthamangira nazo. Laisensi ya kalasi 3, ya njinga zamoto, anali nayo kale, pakuti anayendetsapo njinga ya kampani ina ya alonda. Chimene analibe ndi njinga yakeyake. M'thumba anali ndi madola 1,900, ena osunga yekha, ena obwereka kwa alongo ake. Ine ndimakonza njinga zamoto ku Gazaland ku Highfield, ndipo popeza makolo athu anachokera dera limodzi ku Dedza, amanditcha amalume. Anabwera atasankha kale mumtima mwake, amangofuna ndivomereze.

"Amalume, pali njinga ya injini ya 250 ku Hatfield, ya ku Japan, akufuna madola 1,300. Mukaione, ikulira bwino zedi."

Ndinamuuza kuti tikaiona, koma ayambe wandiuza za ntchitoyo. Njinga sitisankha tisanadziwe zinthu zitatu: idzayenda makilomita angati pa tsiku, idzasenza zolemera bwanji, ndiponso tsiku limene yagona pagalaja mwini wake ataya zingati. Titawerengera maulendo amene masitolowo anamulonjeza, kuphatikiza kuchoka ndi kubwerera ku Mabvuku, tinapeza makilomita pafupifupi 120 pa tsiku. Masiku 25 pa mwezi, ndiye kuti makilomita 3,000. Munthu wongopita kuntchito n'kubwerera amatha miyezi itatu kapena inayi kuti akwanitse mtunda umenewu. Katundu wambiri ndi wopepuka, mabeling'i, malamba, mafyuluta, koma masiku ambiri pamakhala mabatire awiri a galimoto, lililonse lolemera makilogalamu ngati 15. Mnyamatayo payekha ndi wa makilogalamu 85. Tikaonjeza bokosi lachitsulo, njingayo imayenera kusenza makilogalamu oposa 120 nthawi zambiri. Ndalama yolowa amayembekeza madola ngati 25 pa tsiku, mafuta asanachotsedwe.

Kukula kwa injini

Nambala yolembedwa pambali pa njinga, 125, 150 kapena 250, imanena kukula kwa silinda, malo amene pisitoni imakoka mpweya ndi petulo. Silinda ikakula mphamvu imachuluka, mafutanso amapita ambiri. Izi aliyense amazidziwa. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti Harare ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Kuno mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yopanda chopopera mpweya imataya mphamvu pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi awiri poyerekeza ndi mmene ingakokere ku Beira kapena ku Durban. Mphamvu yolembedwa m'kabuku ka njinga sitiiona yonse kuno. Pa njinga yaikulu kusiyanaku sikumveka, koma pa ya 100 kapena 125 yosenza mabatire, ukafika pachitunda umakumva m'dzanja lamanja.

Ine ya 125 ndimaikonda, ndipo wonyamula makalata, mankhwala kapena chakudya m'tauni ndi ku Avenues sindingamuuze kuti agule yoposa pamenepo. Injini ya mtundu wa Honda CG125, imene inayamba kupangidwa mu 1975, anaikonzera dala maiko amene anthu sasintha oyilo pa nthawi yake, ndipo mafakitale ambiri a ku China amatengera kapangidwe kameneko mpaka lero. N'chifukwa chake masipeya ake amapezeka pena paliponse, kuyambira mu msewu wa Kaguvi mpaka ku Siyaso. Koma funso linali lakuti kodi ikasenza katundu wa mnyamatayu imasungabe mafuta?

Tinayesa m'malo mokangana. Tinabwereka ya 125 ya mnzanga, yabwinobwino, imene mwini wake akakhala yekha imamupatsa makilomita oposa 40 pa lita. Tinadzaza thanki mpaka pakamwa, tinamanga mabatire awiri kumbuyo, mnyamatayo n'kupita ku Chitungwiza kudzera msewu wa Seke n'kubwerera. Atafika tinadzazanso mpaka pamalo omwe aja, n'kugawa makilomita ndi malita amene analowa. Anatuluka makilomita 36 pa lita. Chifukwa chake n'chosavuta. Pa msewu wa Seke makombi sakudikira, ndipo kuti uyende nawo limodzi pa injini yaing'ono yolemedwa, mafuta umatsegula mpaka kumapeto ulendo wonse. Injini yoyenda motero tsiku ndi tsiku imatentha, oyilo amafulumira kuda, mavavu ndi maling'i amatha msanga. Choopsa kwambiri n'chakuti pamene ukufuna kuthawa galimoto imene yakulowerera, dzanja lilibenso pokhotera. Ya 150 pa katundu yemweyo imayenda mafuta atatsegulidwa theka kapena kupitirira pang'ono, ndipo imapereka makilomita ngati 35 pa lita. Phindu lonse la ya 125 linatsala kilomita imodzi pa lita.

Ya 250 tinakaiona ndithu. Inali njinga yabwino pa msinkhu wake, yazitali, yopangidwira njira zafumbi, yosaopa maenje. Mwini wake sanabise kanthu, ananena yekha kuti imamwa lita pa makilomita 25. Tinakhala pansi n'kuwerengera petulo pa dola imodzi ndi theka pa lita, umene unali pafupifupi mtengo wa pampu pa nthawiyo. Makilomita 3,000 pa ya 250 ndi malita 120, madola 180 pa mwezi. Pa ya 150 ndi malita 86, madola 129. Tcheni chake ndi chachikulu, matayala ake ndi ena, ndipo zonsezi mtengo wake ndi pafupifupi kawiri poyerekeza ndi za njinga zazing'ono. Titaphatikiza, ya 250 inkadya madola ngati 80 oonjezera mwezi uliwonse. Madola 250 amene akanapulumutsa poigula m'malo mwa ya 150 yatsopano ya madola 1,550 akanatha m'miyezi itatu.

Komabe chimene chinamugonjetsa mnyamatayo si mafuta. Ndinamutuma kuti alowe masitolo a masipeya a njinga m'tauni akafunse zinthu ziwiri zokha za njinga imeneyo: mbale za kilachi ndi kabokosi koyatsa moto. Anabwera madzulo nkhope itagwa. Konse anamuuza kuti aziitanitsa ku Joni, adikire sabata ziwiri. Sabata ziwiri ndi masiku 12 a ntchito, madola 300 osalowa, ndipo sitolo imene ili ndi kasitomala wodikira pampu singadikire njinga yako ichire. Imaitana wina, ndipo winayo sachokanso. Kwa munthu wodyera panjinga, kulimba kwa njinga sikutanthauza kuti siwonongeka. Zonse zimawonongeka. Yolimba ndi imene ikawonongeka m'mawa, masana yabwerera pamsewu.

Ya 125 yakale ya madola 900

Panali ina imene ndiyenera kuifotokoza bwino, pakuti njinga zotere n'zimene zimadya ndalama za anthu ambiri. Inali ya 125 yomwe akuti inali ya kampani, yopentedwa kumene, wotchi yake ikuonetsa makilomita 18,000. Mnyamatayo ankati ngakhale ili yaing'ono, madola 1,000 otsalawo amukwanira kubweza ngongole.

Ndinapempha wogulitsayo kuti asailize tisanafike. Titafika ndinayamba ndagwira silinda ndi kuseri kwa dzanja, inali yofunda. Injini yotha imavuta kulira ikazizira, ndiye wogulitsa wochenjera amayamba waitenthetsa. Tinakhala n'kumacheza mpaka itazizira. Poiliza inafuna kuponda kangapo, ndipo itangogwira, ku ekizozi kunatuluka utsi wabuluu umene sunathe ngakhale itatentha. Utsi wabuluu ndi oyilo amene akupsa pamodzi ndi petulo. Ukangotuluka poyamba n'kuleka, kawirikawiri amakhala marabala a mavavu. Ukapitirira, makamaka ukatsegula mafuta, ndiye kuti maling'i kapena silinda yatha. Utsi wakuda ndi nkhani ina, umenewo ndi petulo wochuluka mu kabuleta, ndipo sutiopsa kwenikweni.

Wotchi ndiye sindiikhulupirira konse, chifukwa chingwe chake amachimasula ndi zala. Makilomita enieni amalembedwa pena. Marabala opondapo mapazi anali atadyeka mpaka chitsulo kuoneka, ndipo chopondera buleki chinali chosalala, mizere yake itafafanizika. Zimenezi sizichitika pa makilomita 18,000. Mano a sipuloketi yakumbuyo anali atapindikira mbali imodzi, osongoka ngati minga ya mkunkhu, ndipo nditakoka tcheni kumbuyo kwa sipuloketiyo, chinanyamuka mpaka theka la dzino kuonekera. Kenako ndinaimika njinga pa sitandi yapakati. Tayala lakumbuyo ndinaligwedeza chammbali, linasewera, kusonyeza kuti mabushi a mkono wogwira tayala atha. Chiwongolero nditachitembenuza pang'onopang'ono tayala lakutsogolo lili m'mwamba, chinkakodwa pakati penipeni, chizindikiro chakuti mabeling'i a pakhosi adyeka. Zonsezi zimakonzeka, ndipo ndinaziwerengera pa madola ngati 300. Njinga ya 900 inasanduka ya 1,200, ili yakalebe.

Tikanatha kutsitsana mtengo, koma mapepala anatseka nkhani. Nambala ya felemu inagwirizana ndi buku, koma ya injini inali ina. Wogulitsayo anati injini anasintha kalekale ndipo palibe vuto. Vuto lilipo. Kuti njinga ilembedwe m'dzina lako imayenera kuonedwa ndi apolisi oona za magalimoto obedwa, kenako nkhani ipite ku ZIMRA, bungwe lotolera misonkho, ndi ku CVR, ofesi yolembetsa magalimoto, ndipo manambala akasiyana popanda chikalata chosonyeza kumene injiniyo inachokera, njinga ikhoza kugwidwa iwe n'kutsala ukufotokoza zimene sukuzidziwa. Tinatsanzika.

Imene tinagula ndi ndalama zoyendetsera

Tinagula yatsopano ya 150 yopangidwa ku India, pa madola 1,550, kwa wogulitsa amene ali ndi galaja ndi shelefu ya masipeya kuseri kwa sitolo yake. Njinga za mtundu umenewu, monga Bajaj Boxer ndi TVS HLX, anazipangira akabaza ndi onyamula katundu: mpando wautali, keriyala yachitsulo, mashoka awiri kumbuyo, injini yozizira ndi mphepo. Panalinso ya ku China yotchipa ndi madola angapo, yolembedwa 200, koma dzina lake palibe amene ankalidziwa, ndipo wogulitsayo anali ndi kontena imodzi basi. Za ku China zabwino zilipo, ndimazikonza tsiku lililonse, koma ndimayamba ndafunsa kuti amene wandigulitsayu chaka chamawa ndidzamupeza kuti. Tinasankha mawilo a masipoko osati oumba, chifukwa limu yachitsulo ikagunda dzenje imapindika ndipo timaiwongola, pamene youmba ikang'aluka ndi yotaya.

Madola 350 otsala anapita ku kulembetsa njinga, inshuwalansi, laisensi ya bungwe loona za misewu la ZINARA, helemeti yotseka nkhope yonse, jasi lamvula, loko ndi bokosi. Sipanatsale kanthu kwenikweni. Anthu ambiri amathera ndalama zonse pa njinga yeniyeniyo n'kuyamba ntchito ndi helemeti yobwereka ya pulasitiki.

Ndinamulembera ndalama za mwezi kuseri kwa lisiti. Petulo 129. Oyilo kusintha kawiri pa mwezi, pa makilomita 1,500 alionse, madola 12 onse pamodzi. Kabuku kamalola mtunda wotalikirapo, koma injini iyi imatenga lita imodzi yokha, yomweyo ikuzungulira mu injini, m'magiya ndi pa kilachi, pa fumbi la Harare ndi katundu wolemera. Oyilo akhale 20W-50 wa njinga, wolembedwa JASO MA pa botolo. Oyilo wina wa galimoto ali ndi mankhwala oterera amene amachititsa kilachi yomira mu oyilo kutsetsereka: injini imakwera kulira koma liwiro osaonjezeka. Tcheni ndi masipuloketi zimatha pa makilomita ngati 15,000, tayala lakumbuyo pa 10,000, lakutsogolo kawiri kake. Zimenezi pamodzi ndi mabuleki, pulagi ndi zingwe ndinaziika pa madola 29 pa mwezi. Zonse zinakwana 170, kutanthauza masenti pafupifupi 6 pa kilomita. Nambala imeneyi ndi imene amayambira akamauza sitolo mtengo wa ulendo, ndipo amawerengera kupita ndi kubwera komwe, pakuti njinga yobwerera yopanda katundu imamwabe. Ndinamuuzanso kuti aziika padera madola 50 mwezi uliwonse, chifukwa pa liwiro limeneli, makilomita 36,000 pa chaka, pakatha zaka ziwiri kapena zitatu injini idzafuna kutsegulidwa kapena njinga kusinthidwa.

Zimene zinachitika pambuyo pake

Makilomita 1,000 oyambirira anayenda mofatsa osapitirira makilomita 60 pa ola, oyilo woyamba tinasintha msanga monga kabuku kanenera, n'kuyeza mavavu. Mafuta anakhazikika pakati pa makilomita 34 ndi 36 pa lita. Injini mpaka pano sinavutepo. Mavuto awiri amene anabwera anachokera kunja kwa injini.

Loyamba linali bokosi. Owotcherera amene anamupangira analikankhira kumbuyo kwambiri kuti mpando usatsekeke, moti kulemera konse kunali kuseri kwa ekiselo ya tayala lakumbuyo. Mwezi wachiwiri anabwera akudandaula.

"Amalume, kutsogoloku kukumapepuka, ndikamakhota ikumavina."

"Tatsika, mphwanga, tione kumbuyoku."

Ndinatenga sipanala yaing'ono n'kumagogoda sipoko iliyonse. Yomangika bwino imalira ngwee, yomasuka imangoti phu. Zisanu zinali zomasuka, ziwiri zitathyoka pafupi ndi habu, ndipo pa keriyala, pamene pamangidwa bawuti, utoto unali utang'ambika mzere wopyapyala wokhala ndi dzimbiri, kusonyeza kuti chitsulo chayamba kusweka. Katundu wokhala kuseri kwa ekiselo amanyamula tayala lakutsogolo, ndipo dzenje lililonse limamenya keriyala ndi mphamvu yoposa kulemera kwa katunduyo. Tinasuntha bokosi kubwera kutsogolo mpaka linakhala pamalo a wokwera wachiwiri, tinawotcherera keriyala n'kuika zitsulo ziwiri zochirikiza, tinasintha masipoko n'kuwongola limu. Mabatire tsopano amawaika pansi pa bokosi, chakutsogolo. Tsiku lomwelo ndinapeza kuti tcheni amachimanga kwambiri, chifukwa amachiyeza njinga ili yopanda munthu. Munthu ndi katundu akakwera, mashoka amatsika ndipo tcheni chimakokeka. Chiyezedwe iye atakhalapo, chizisewera masentimita awiri kapena atatu pakati. Chomangika kwambiri chimadya beling'i ya shafuti yotuluka m'magiya, ndipo kuisintha imeneyo n'kutsegula injini yonse.

Lachiwiri linabwera ndi mvula ya mu Disembala. Njinga inayamba kutsamwa akatsegula mafuta, nthawi zina n'kuzima pa maloboti. Iye anaganiza za pulagi, anagula yatsopano, osasintha kanthu. Ndinamasula kasikuluu ka pansi pa kabuleta n'kutchera botolo loonekera mkati. Patapita kanthawi, pansi pa petuloyo panakhazikika madzi otuwa okwana ngati supuni. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi etanolo wa nzimbe, wambiri wochokera ku Chisumbanje. Lamulo la kusakaniza linayamba mu 2013, ndipo mlingo wake umakwera ndi kutsika, nthawi zina kufika magawo 20 pa 100. Etanolo amakoka chinyezi. Madzi akachuluka, amapatukana ndi petulo n'kutsikira pansi pa thanki, pomwe kabuleta imamwera. Njingayi inkagona panja pa mvula thanki ili theka, ndipo anavomera kuti masiku ena ankagula petulo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu. Tinakhuthula thanki, tinatsuka majeti, tinaika kafyuluta koonekera mkati pa paipi ya mafuta. Tsopano amadzaza thanki madzulo pa pampu, amafunditsa njinga, ndipo Loweruka lililonse amakhuthula kabuleta asanadzoze tcheni. Paipi ya mafuta ndimaifinya akabwera, chifukwa etanolo amaumitsa rabala wamba mpaka kung'aluka.

Pamene ndikulemba lipotili njingayo yadutsa makilomita 18,000 m'miyezi isanu ndi umodzi. Tcheni choyamba chinafika 16,000, tayala lakumbuyo lachiwiri latsala pang'ono kutha, ndipo mavuto awiri aja anamugoneka tsiku limodzi ndi theka basi. Ndalama za mwezi zikumakhala pakati pa 165 ndi 185, kutengera mtengo wa petulo. Theka la ngongole ya alongo ake wabweza. Sitolo imodzi ya ku Msasa yayamba kumupempha kuti azinyamulanso mabatire a malole, olemera makilogalamu oposa 40 lililonse, awiri pa ulendo. Ndamuuza kuti akane, kapena azitenga batire limodzi lokha pa ulendo n'kulipiritsa maulendo awiri, chifukwa mabuleki ndi masipoko a njinga imeneyi sanapangidwire katundu wotero.